Kalata ya Odita kwa Bodi ya Sukulu Pamene Ndalama za Fizi Sizikusungidwa Bwino

Odita akamaliza kuunika mabuku a ndalama a sukulu amasiya zikalata ziwiri. Choyamba ndi lipoti lalifupi lonena ngati maakaunti a chakacho akupereka chithunzi choona cha chuma cha sukuluyo. Chachiwiri ndi kalata yotalikirapo, imene anthu a ntchitoyi amaitcha manejimenti leta, yopita kwa bodi ndi kwa amene amayendetsa sukulu tsiku ndi tsiku. Kalatayi imafotokoza mipata imene odita waiona m'kayendetsedwe ka ndalama, vuto limene lingalowere pa mpata uliwonse, ndi zimene sukulu ingachite kuti iutseke. Mabodi ambiri amathamangira lipoti lalifupi lija, akaona kuti lilibe chodandaula amapumira m'mwamba, kalata n'kuiponya mu failo. Komatu pa nkhani ya ndalama zolandira pamanja, zofunika kuzidziwa zimakhala m'kalatamo.

Odita salemba kalatayi mongofuna. Malamulo a ntchito ya maodita a padziko lonse, amene bungwe la IAASB limakonza ndipo maakauntanti a m'Malawi a pansi pa bungwe la ICAM amawatsata, ali ndi gawo lotchedwa ISA 265. Gawoli limalamula kuti odita akapeza chofooka chachikulu m'njira zotetezera chuma, adziwitse oyang'anira bungwelo mochita kulemba, komanso mosachedwa. Pasukulu yoyima payokha kapena ya mishoni, oyang'anirawo ndi bodi. Masukulu a boma ali ndi njira yawoyawo kudzera ku ofesi ya Odita Jenerale, koma mafunso amene amafunsidwa pa ndalama za pamanja ndi omwewo.

Ndime zoyambirira za kalatayi zimaoneka ngati mwambo chabe, ndipo ambiri amazilumpha. Zimanena kuti cholinga cha odita chinali kupereka maganizo ake pa maakaunti, kuti njira zosungira ndalama anaziyang'ana pofuna kudziwa poyenera kufufuza kwambiri, ndiponso kuti zolembedwa m'kalatamo ndi zokhazo zimene anakumana nazo pogwira ntchito. Tanthauzo lake n'lakuti kalatayi si mndandanda wa mavuto onse a sukulu. Odita saona risiti iliyonse. Amatola zochepa, mwina masiku 25 a m'chaka chonse kapena ana makumi angapo a m'kaundula, n'kuzitsata kuyambira pamene kholo linapereka ndalama mpaka pamene zinalowa kubanki. Kalata ikatchula mavuto anayi, bodi isaganize kuti lachisanu kulibe.

Ikadutsa pamenepo, mfundo iliyonse imalembedwa m'magawo anayi: zimene odita wapeza, ngozi yake, zimene akulangiza, ndi yankho la oyendetsa sukulu. Maodita ambiri amaikanso chizindikiro chosonyeza mfundo yofunika kukonza msanga ndi imene ingadikire.

Chitsanzo cha teremu imodzi

Kuti zimveke bwino, nayi sukulu yongoyerekeza, ya sekondale yoyendera, ya ana 400, fizi yake K150,000 pa teremu. Odita sayambira m'buku la malisiti, chifukwa bukulo limangosonyeza ndalama zimene basala wavomera kuti analandira. Amayambira m'kaundula wa m'kalasi, amene amasungidwa ndi aphunzitsi, anthu osagwira ndalama. Ana 400 anayenera kubweretsa K60,000,000. Pa anawo, 12 bodi inawakhululukira fizi, ndipo buku la basala likuti ena akadali ndi ngongole zokwana K3,900,000. Zikachotsedwa ziwirizi, sukulu inayenera kulandira K54,300,000, ndipo malisiti amene basala wapereka akukwanadi ndalama imeneyi. Kufika apa palibe chokayikitsa.

Vuto likuonekera poyerekeza malisiti ndi sitetimenti ya kubanki. Makolo ena anakalipira okha kubanki, ndipo zimenezo zalowa bwinobwino. Zimene zinalandiridwa pawindo la ofesi ndi K23,300,000, koma zimene zinakafika kubanki ndi K20,900,000. Pakusowa K2,400,000. Basala akufotokoza kuti ndalamazo zinagwira ntchito zisanapite kubanki: choko ndi mapepala a mayeso, malipiro a alonda, mmisiri amene anakonza mjigo, thiransipoti ya timu ya mpira. Akutulutsa mavocha okwana K1,750,000. Yotsalayo, K650,000, palibe pepala lililonse loichitira umboni.

Owerenga kalata koyamba amadabwa ndi mmene odita amalembera zoterezi. Salemba kuti basala waba K650,000. Amalemba kuti ndalama zolandiridwa sizinkapita zonse kubanki, kuti zina zinkagwiritsidwa ntchito pomwepo popanda chilolezo cholembedwa, ndipo kuti sanapatsidwe umboni wa mmene K650,000 inagwirira ntchito. Ena amaona ngati odita akuchita mantha kapena akuteteza munthu. Si choncho. Ndalamayo mwina inabedwa, mwinanso inalipiradi nkhuni kapena mchenga kwa munthu wa m'mudzi amene alibe buku la malisiti, basala n'kuiwala kumusainitsa. Mabuku sangasiyanitse ziwirizi, ndipo chimenecho ndiye chofooka chimene kalata ikunena. Njira yosalongosoka imabisa wakuba, komanso imasiya munthu wokhulupirika alibe chodzitetezera akakayikiridwa.

Langizo pa mfundo imeneyi limakhala lakuti ndalama iliyonse yolandiridwa ipite kubanki yathunthu, osachotsapo ngakhale ya choko. Zogula zing'onozing'ono zikhale ndi kathumba kakekake, mwachitsanzo K200,000 yotapidwa kubanki anthu awiri atasainira. Nthawi iliyonse, ndalama zotsala m'kathumbako kuphatikiza mavocha ziyenera kukwana K200,000. Zikachepa, wosunga amapereka mavocha, wina amawaona n'kuwadinda kuti alipiridwa, kenako kumatapidwa ndalama yofanana ndi mavochawo. Ubwino wa njirayi ndi wakuti aliyense wodziwa kuwonkhetsa angathe kuiyesa m'mphindi zochepa.

Kuchedwa kupita kubanki

Mfundo yachiwiri imaoneka yaing'ono koma maodita amaiopa kwambiri. Pa masiku 25 amene odita anatola, ndalama za masiku 14 zinakhala muofesi masiku oposa asanu zisanapite kubanki, ndipo zina zinakhala masiku 19. Ngozi yoyamba ndi yodziwikiratu: akuba amadziwa kuti sabata zoyambirira za teremu ofesi ya basala imakhala ndi ndalama. Yachiwiri ndi yobisika. Munthu amene amaloledwa kusunga ndalama masiku ambiri angathe kutengako za Lolemba, Lachinayi n'kutenga za makolo ena kukwaniritsa za Lolemba zija, sabata yotsatira n'kuteronso. Kuli ngati kukumba dzenje latsopano kuti dothi lake likwirire lakale. Kholo lililonse limapeza kuti mwana wake walembedwa kuti analipira, kungoti mochedwerapo, choncho palibe amene amadandaula. Kawirikawiri zoterezi siziyamba ndi mtima wakuba. Zimayamba ndi matenda kapena maliro kunyumba, munthu n'kunena kuti abweza akalandira malipiro, koma mwezi ukatha dzenje lakula.

Zizindikiro zake zimaoneka munthu akaika buku la malisiti pambali pa masilipi a kubanki. Malisiti a tsiku limodzi akhoza kukwana K1,137,500, koma silipi ikusonyeza K1,000,000 ndendende, yoikidwa patapita sabata. Ndalama zoikidwa kubanki zikamakhala zozungulira chotere nthawi zonse, ndiye kuti wina akusankha yekha zoti apititse. Chizindikiro china ndi tsiku limene mwana walembedwa m'buku la fizi kuti walipira: likamatsalira kwambiri poyerekeza ndi tsiku la pa risiti ya kholo, pali chifukwa chofunsira. Chachitatu sichili m'mabuku. Basala amene zaka zikupita osapita kutchuthi, amene ngakhale akudwala amabwera kudzatsegula yekha ofesi, amatamandidwa kuti ndi wolimbikira ntchito, ndipo mwina ndi wolimbikiradi. Koma kubisa kotereku kumaululika munthu wina akangokhala pampandopo sabata ziwiri, n'chifukwa chake maodita amalangiza kuti tchuthi cha wogwira ndalama chikhale chokakamiza.

Pa tsiku limene odita anawerenga ndalama za mu sefa mosachenjeza, buku linkati muyenera kukhala K612,000. Munapezeka K385,000 ndi timapepala tisanu tolembedwa pamanja, tokwana K227,000, tonena kuti wakutiwakuti wabwereka ndipo abweza kumapeto kwa mwezi. Kamodzi kanali ka mphunzitsi wamkulu. Pamasamu zonse zikukwana, koma kapepala si ndalama, ndipo ngongole zimenezi bodi sinazivomereze. Apa nkhani imasintha pang'ono, chifukwa munthu amene amayenera kuyang'anira basala ndi mmodzi mwa amene akubwereka mu sefa. Basala wotere sangakanize mphunzitsi wina aliyense, ndipo mphunzitsi wamkulu wotere sangafunse basala mafunso ovuta. Malamulo a maodita amalola kuti nkhani yokhudza oyendetsa bungwe eniakewo isadzere kwa iwo, ipite molunjika kwa oyang'anira. Pa chifukwa ichi wapampando wa bodi ayenera kulandira kalatayi kuchokera kwa odita mwini, osati kudzera mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu.

Buku la malisiti losowa

Mfundo yolemera kuposa zonse m'chitsanzochi inachokera ku manambala a malisiti. Sukulu inasindikizitsa mabuku a masamba 50 lililonse, koma panalibe kaundula wosonyeza kuti mabuku analipo angati, ali ndi yani, ndi amene atha. Odita atandandalika mabuku amene anapatsidwa, anaona kuti manambala akulumpha kuchoka pa 2350 kufika pa 2401. Buku limodzi palibe. Basala akuti mwina linanyowa ndi mvula n'kutayidwa.

Odita anabwerera ku mndandanda wa angongole uja wa K3,900,000. Mothandizidwa ndi bodi, makolo 20 a pa mndandandawo anafunsidwa ngati akuvomereza ngongole zawo. Atatu anabwera ndi malisiti odindidwa chidindo cha sukulu, a manambala a m'buku losowalo, okwana K420,000. Ndalama zimenezi sizikupezeka m'buku lililonse la sukulu ngakhale kubanki. Masamu oyamba aja anakwana chifukwa chakuti ana amene analipira analembedwa ngati angongole. Masamba ena 47 a bukulo palibe akudziwa ngati analembedwa. Akanakhala kuti onse 50 analembedwa fizi yathunthu, ikanakhala K7,500,000, koma odita salemba nambala imeneyi ngati ndalama yotayika. Akaitchula, amaitchula ngati malire a zimene zingakhale zitadutsa m'bukulo.

Pamenepa mpamene kalata imakhudzana ndi lipoti lalifupi lija. K650,000 yopanda mavocha, pasukulu yolandira ndalama zoposa K150,000,000 pachaka, payokha singasinthe chithunzi cha maakaunti, ndipo odita angathe kupereka lipoti losadandaula uku kalata yake ili yodzaza ndi mavuto. Koma ngati sangathe kutsimikiza kuti fizi yonse yolandiridwa inalembedwa, ndipo kusiyanako kungakhale kwakukulu, amalemba chidandaulo m'lipoti lenilenilo. Lipoti lotere limawerengedwa ndi banki yobwereketsa ndalama, eni sukulu ndi mabungwe othandiza, ndipo limavuta kulifotokoza.

Muzu wa mfundo zonsezi ndi umodzi, ndipo kalata yolembedwa bwino imaunena poyera. Munthu mmodzi ndiye amasunga mabuku a malisiti, kulandira ndalama, kulemba buku la fizi, kupita kubanki, kulandira sitetimenti ndi kukonza mndandanda wa angongole. Palibe pamene ntchito yake imadutsa m'manja mwa wina. Mabuku a ukadaulo amati ntchito zimenezi zigawidwe kwa anthu osiyanasiyana, koma sukulu ya ana 400 singalembe anthu atatu a muofesi ya ndalama, ndipo odita amene amangolemba kuti ntchito zigawidwe osaganizira kukula kwa sukulu sanathandize bodi. Zotheka ndi zotsika mtengo. Mabuku a malisiti osayamba kugwira ntchito asungidwe ndi munthu wina, azitulutsidwa limodzi limodzi mosainirana, latsopano lizituluka lakale likabwezedwa. Sitetimenti ya kubanki izipita mwachindunji kwa msungichuma wa bodi, amene mwezi uliwonse aziiyerekeza ndi malisiti n'kusaina. Teremu iliyonse makolo onse amene akuoneka kuti ali ndi ngongole azilandira kalata yonena ndalama zake, yoperekedwa ndi mphunzitsi wa kalasi osati basala. Yotsirizayi ikanaulula buku losowa lija teremu yomweyo.

Langizo limene makalata ambiri masiku ano amalitsogoza ndi lakuti sukulu isiye kulandira ndalama pamanja, makolo azilipira kubanki kapena pafoni kudzera pa Airtel Money ndi Mpamba. Limachotsadi mavuto ambiri, koma limabwera ndi akeake. Silipi ya kubanki ikhoza kukhala yopeka, kapena imodzi kulipirira ana awiri, choncho risiti ya sukulu iyenera kulembedwa ndalama zikaoneka pa sitetimenti, osati pongoona silipi. Makolo ena amaika ndalama osalemba dzina la mwana, ndipo ndalama zopanda mwini zoterezi n'zosavuta kuzilemba pa dzina la mwana amene analipira pamanja, za pamanjazo n'kulowa m'thumba. Zolipira pafoni zikamapita pa nambala ya munthu m'malo mwa nambala yolembetsedwa m'dzina la sukulu, vuto lakale langosamukira pafoni. Ndipo kumene banki ili kutali, lamulo loti ndalama zizipita tsiku lililonse silingatsatidwe. Ndi bwino kugwirizana za masiku awiri pa sabata ndi malire a ndalama zogona mu sefa, kusiyana ndi kulemba lamulo limene aliyense akudziwa kuti liphwanyidwa sabata yoyamba.

Yankho la sukulu ndi ntchito ya bodi

Kalata isanasainidwe, odita amapereka kope loyamba kwa oyendetsa sukulu kuti akonze pamene walakwitsa mfundo ndi kulemba mayankho awo. Ino ndi nthawi yotulutsa vocha imene inaiwalika mu dirowa. Si nthawi yopempha odita kuti afewetse mawu kapena achotse mfundo. Mayankhowo amalowa m'kalata momwe alembedwera, ndipo amaonetsa zambiri za sukulu. Yankho lakuti "Tamva, tikonza" silimanga aliyense. Yankho logwira ntchito limatchula udindo wa munthu, chochita ndi tsiku: kuti wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu atsegula kaundula wa mabuku a malisiti teremu yachiwiri isanayambe, kapena kuti ngongole za m'timapepala tija zidulidwa ku malipiro a miyezi iwiri ikubwerayi eniake atasainira. Sukulu ili ndi ufulu wokana langizo, bola inene chifukwa chake ndi chimene ichite m'malo mwake, ndipo bodi ilembe m'maminitsi kuti yavomera kusenza ngoziyo.

Bodi ikalandira kalata yomaliza, ndi nzeru kuitana odita ku msonkhano ndi kukhala naye kanthawi mphunzitsi wamkulu ndi basala atatuluka. Pali zimene odita amanena pakamwa zimene sangazilembe popanda umboni wokwanira, monga kuti mabuku ena anachedwa kuperekedwa kapena kuti mayankho ankasinthasintha. Mfundo zonse zisamutsidwe pa pepala limodzi losonyeza wochita ndi tsiku, ndipo pepalalo liziwerengedwa pa msonkhano uliwonse mpaka zitatha. Odita sangapemphedwe kuti aziyendetsa yekha njira zatsopanozo, monga kuyerekeza sitetimenti mwezi ndi mwezi, chifukwa chaka chamawa adzakhala akuunika ntchito yake yomwe.

Cholakwika chimene mabodi okwiya amachita ndi kuchotsa basala ntchito tsiku lomwelo, kalata ili m'manja ngati umboni. Kalatayi sinalembedwe kuti igamule mlandu. Lamulo la ntchito la m'Malawi la chaka cha 2000 limafuna kuti pakhale chifukwa chomveka chochotsera munthu ntchito, komanso kuti apatsidwe mwayi woyankha zimene akunenezedwa, apo ayi sukulu ikhoza kukagonja kubwalo loona milandu ya apantchito n'kulipira chipukuta misozi. Pa nkhani ngati ya malisiti atatu aja, choyamba ndi kuteteza mabuku onse kuti asasinthidwe, kupereka makiyi a sefa kwa munthu wina mowerengerana ndalama, ndi kulamula kafukufuku wapadera amene adzafunsa makolo onse ndi kutsata tsamba lililonse. Zotsatira za kafukufuku ameneyo ndi zimene zimapita ku komiti yosungitsa mwambo kapena kupolisi. Kalatayonso ndi yachinsinsi, yolembedwera bodi ndi oyendetsa sukulu. Kuiwerenga yonse pa msonkhano wa makolo kapena kuifalitsa pafoni kukhoza kuipitsa dzina la munthu amene sanapezeke wolakwa. Makolo angauzidwe zimene zasintha pa kalipiridwe ka fizi ndi chifukwa chake popanda kutchula munthu.

Chaka chotsatira odita amayamba ndi kalata yakaleyo. Mfundo iliyonse amaiyesanso n'kulemba ngati yakonzedwa, yakonzedwa pang'ono, kapena sinakhudzidwe, ndipo sakhutira ndi mawu: amafuna kuona kaundula wa malisiti wosainidwa ndi masitetimenti 12 okhala ndi siginecha ya msungichuma ndi tsiku limene anasaina. Siginecha zonse zikaoneka kuti zinalembedwa tsiku limodzi, odita atatsala pang'ono kufika, amalemba kuti njirayo ilipo papepala pokha. Chofooka chachikulu chimene sichinakonzedwe chimabwerezedwa m'kalata yatsopano, ndipo odita amawonjezera chiwerengero cha malisiti ndi masiku amene atole, zimene zimatalikitsa ntchito ndi kukweza ndalama zimene sukulu imamulipira.